Dola ya K167 yomwe inali papepala pokha: lipoti la ngongole yathu ya matayala, 2011 mpaka 2012

Ndine wowerengera ndalama pakampani ina ya ku Kanengo yoitanitsa matayala ndi zipangizo za mathirakitala kuchokera kunja. Lipotili ndi la oda imodzi yokha, ya $200,000, yomwe tinaigulitsa yonse, makasitomala nalipira onse, koma pomaliza inatisiyira dzenje la ndalama pafupifupi K6 miliyoni. Palibe anaba. Palibe tayala linasowa m'nyumba yosungiramo katundu. Ndalamayo inathera pamzere wodikira madola kubanki, ndipo amene anayenera kuona zimenezi zikubwera ndinali ine.

Poyamba ndifotokoze mmene zinthu zinalili. Kwa zaka zingapo Banki Yaikulu ya dziko lino inagwira mtengo wa dola kuti usasunthe. Unakhala nthawi yaitali cha m'ma K140, kenako cha m'ma K150, ndipo mu Ogasiti 2011 anaukankha pang'ono kufika cha m'ma K165. Pofika kumapeto kwa chakacho ife m'mabuku tinkawerengera K167. Kumeneku ndiye kumangirira ndalama: boma limakhoma chikhomo n'kunena kuti kwacha izidya msipu pomwepa basi, monga mmene timachitira ndi mbuzi nthawi ya dzinja. Koma chikhomo cha ndalama si lamulo lolembedwa chabe. Ndi lonjezo lakuti aliyense wobwera ndi K167 apatsidwa dola imodzi. Lonjezo limeneli limakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati m'nkhokwe ya Banki Yaikulu muli madola oti aperekedwe. Kwacha amatha kusindikiza mmene angafunire, koma dola sangaisindikize.

Chaka cha 2011 madola olowa anachepa mbali zonse. Fodya ku okoshoni sanagulidwe bwino, ndipo ife a ku Kanengo tinkazionera pafupi, malole atandandalika alimi akudandaula za mitengo ndi mabelo obwezedwa. Mu Epulo boma linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, ndipo pofika Julayi dziko la Britain linaimitsa thandizo lake la mubajeti. Pulogalamu ya IMF nayo inaima. Mafuta agalimoto anasowa, anthu n'kumagona m'galimoto pamzere, zigubu zili mbwee. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakanitsitsa kugwetsa kwacha, ponena kuti ovutika kwambiri adzakhala osauka popeza mitengo ya zinthu idzakwera. Pamfundo yakuti mitengo idzakwera sananame. Chomwe chinavuta n'chakuti mitengo inali itayamba kale kukwera, chifukwa amalonda ambiri dola ankaipeza kumsika wamseri, komwe kumayambiriro kwa 2012 inkayandikira K300.

Mmene oda inayendera

Katundu anafika mu Novembala 2011 kudzera pachipata cha Dedza. Wotigulitsa anatipatsa masiku 90 oti tilipire, invoyisi ili m'madola. Ine ndinalemba ngongoleyo m'mabuku kuti ndi K33.4 miliyoni, kutanthauza $200,000 kuchulukitsa ndi 167. Mitengo yogulitsira tinaiika mwakuti tikachotsa msonkho, mayendedwe ndi zina zonse titsale ndi K40 miliyoni. Pamenepo tilipire wotigulitsa, phindu litsale K6.6 miliyoni.

Katunduyo anayenda ngati mandasi otentha. Pofika pakati pa Febuluwale munalibe kanthu m'shedi. Ndikukumbukira bambo wina wa malole a ku Mchinji amene nthawi zonse ankagula matayala anayi, anayi, n'kumanenerera mtengo mpaka thukuta. Tsiku limenelo anagula makumi awiri ndi anayi, sananenerere n'komwe, ndalama anatulutsa m'chikwama cha pulasitiki. Ndinamufunsa mwanthabwala kuti, "Kodi bambo, mwagula malole ena?" Iye anaseka nati, "Ayi achimwene, malole ndi omwewo. Koma tayala silionda. Kwacha ndiye ikuonda." Ine ndinaseka naye, ndikuona ngati malonda akutiyendera. Sindinazindikire kuti bamboyo akugula madola anga pa K167, atavala maonekedwe a tayala.

Fomu yopempha madola tinapereka kubanki mu Januwale, mapepala onse ali m'malo: invoyisi, zikalata za kasitomu, umboni wakuti katundu analowadi. Mayi amene ankayang'anira akaunti yathu anali munthu wachilungamo. Anandionetsa mulu wa mafayilo pa tebulo la kuseri, nati, "Bambo, yanu ili umu. Koma sabata ino chomwe talandira sichikukwana ngakhale a mafuta ndi a mankhwala. Ndikakuuzani tsiku ndikhala ndikukunamizani." Mu Febuluwale anatipatsa $20,000. Mu Malichi $30,000. Zotsala $150,000 zinangokhala pamzere, kwacha yake ili phee muakaunti, ikudikira.

Pa 5 Epulo 2012 a Mutharika anamwalira, mayi Joyce Banda natenga mpando. Pa 7 Meyi Banki Yaikulu inalengeza kuti dola tsopano ndi K250, ndiponso kuti kuyambira pamenepo mtengo uziyenda wokha pamsika. M'mawa umenewo ngongole yathu ya $150,000, yomwe dzulo lake inali K25.05 miliyoni, inasanduka K37.5 miliyoni. Mukaphatikiza ndi K8.35 miliyoni yomwe tinali titalipira kale, katundu yense anatidyera K45.85 miliyoni, pamene tinatolera K40 miliyoni. Phindu la K6.6 miliyoni linasanduka kuluza K5.85 miliyoni. Ndawerengera zonse pa 250 kuti masamu aoneke bwino, ngakhale madola omaliza tinawagula mokwererapo.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa anthu amakangana pa manambalawa mpaka lero. Ena amati kwacha inagwa ndi 49 peresenti, ena amati 33. Onse akunena zoona. Mtengo wa dola unakwera ndi pafupifupi theka, kuchoka pa 167 kufika 250. Koma kwacha imodzi, poiyeza m'madola, inataya gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa munthu amene ali ndi ngongole ya m'madola ngati ife, nambala yoluma ndi yoyambayo.

Chifukwa chake chikhomo chimazuka nkhokwe isanathe

Patapita nthawi ndinakhala pansi kuti ndimvetse chomwe chinandichitikira, ndipo chithunzi chomwe chinandithandiza ndi cha depoti ya chimanga. Tiyerekeze kuti depoti ili ndi matumba 300 ndipo yalonjeza kugulitsa pamtengo umodzi wosasintha. Mwezi uliwonse matumba otuluka amaposa olowa ndi 30. Mwana wasukulu anganene kuti chimangacho chitha pakatha miyezi khumi. Koma venda aliyense wa pa Mchesi angakuuzeni kuti sichifika miyezi khumi. Aliyense akuona muluwo ukutsika, ndipo akudziwa kuti tsiku limene depoti idzatseke, mtengo pamsika udzalumpha. Ndani angadikire mwezi wachisanu ndi chinayi? Wanzeru agula mwezi wachisanu ndi chitatu. Mnzake, podziwa zimenezo, agula wachisanu ndi chiwiri. Mapeto ake matumba otsalawo amatha sabata imodzi, pomwe woyang'anira depoti amaona ngati akadali ndi chimanga cha miyezi ingapo.

Katswiri wa zachuma Paul Krugman analongosola ganizo limeneli mu 1979 pankhani ya ndalama. Funso lomwe limatsegula zonse ndi lakuti: kodi Banki Yaikulu itasiya lero kugulitsa madola, dola ingagulidwe pa ndalama zingati? Umenewu ndi mtengo wobisika, womwe sulembedwa pabolodi la banki iliyonse koma ulipo. Boma likamawononga zoposa zomwe likutolera, Banki Yaikulu n'kumalibwereka, kwacha imachuluka m'manja mwa anthu ndipo mtengo wobisikawo umakwera mwakachetechete. Ukakhala pansi pa mtengo wa boma, palibe amene angathamangire madola, chifukwa angagule chinthu chodula n'kudzachigulitsa motchipa. Koma tsiku lomwe wadutsa mtengo wa boma, dola iliyonse yogulidwa kubanki imakhala ndi phindu kale m'kati mwake, ndipo aliyense amaifuna nthawi imodzi. Choncho chiwembu cha obetcha, kuthamangira madola kwa anthu obetchera kuti kwacha igwa, sichibwera chifukwa anthu apenga kapena adana ndi dziko. Chimabwera pa nthawi yomwe masamu atembenuka, ndipo nthawi imeneyo imafika nkhokwe ikadali ndi kanthu.

Chomwe chimakometsa kubetchaku n'chakuti ndi njuga ya mbali imodzi. Tiyerekeze munthu wabwereka K16.7 miliyoni pachiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka, ndipo wapeza njira yogulira $100,000 pa K167. Pa miyezi itatu chiwongoladzanja chimudyera K835,000. Kwacha ikapanda kugwa, wataya imeneyo basi, popeza palibe ankayembekeza kuti kwacha ingakwere mphamvu kuposa pachikhomo. Ikagwa kufika 250, madola ake ndi K25 miliyoni, phindu loposa K8 miliyoni asanachotse chiwongoladzanja. Ndiye kuti ngakhale ataona kuti mwayi woti kwacha igwe wangopitirira pang'ono umodzi mwa khumi, sakuluza pobetcha. Kumayambiriro kwa 2012 panalibe wamalonda mu Lilongwe amene ankaona mwayiwo kuti ndi umodzi mwa khumi. Tonse tinkangotsutsana za mwezi wake.

Nanga Banki Yaikulu ingadziteteze bwanji? Njira yodziwika ndi kukweza chiwongoladzanja kuti kusunga kwacha kukome, kubwereka kuwawe. Koma taonani kukula kwake. Ngati anthu akuona kuti pali mwayi wa theka woti dola ikwera ndi theka m'miyezi itatu, ndiye kuti wosunga kwacha akufuna 25 peresenti pa miyezi itatuyo kuti asathawe, komwe kuli ngati 100 peresenti pachaka. N'chifukwa chake dziko la Sweden mu Seputembala 1992 linafika pokweza chiwongoladzanja chake china mpaka 500 peresenti kwa masiku ochepa, koma pofika Novembala linagonjabe. Palibe mlimi, wasitolo kapena boma lenilenilo, lomwe nthawi zambiri ndiye wangongole wamkulu m'dziko, angapirire mankhwala amenewo nthawi yaitali. Obetcha amadziwa zimenezi.

Apa pali mtundu wachiwiri wa kuzuka kwa chikhomo, womwe nkhokwe si vuto lenileni koma mtima wa boma. Britain mu 1992 inali itamangirira paundi ku ndalama ya Germany, paundi imodzi n'kumasinthidwa cha pa 2.95 ya ndalamayo, ndipo sinkaloledwa kutsika kupitirira cha m'ma 2.78. Chuma cha Britain chinali chitafooka, anthu ambiri ali ndi ngongole za nyumba, pomwe Germany inkasunga chiwongoladzanja chokwera pambuyo pogwirizanitsa dziko lawo. Pa 16 Seputembala boma linakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10 kufika 12 peresenti, n'kulengezanso kuti chifika 15. Msika sunakhulupirire kuti angapirire nazo. Madzulo a tsiku lomwelo nduna ya zachuma Norman Lamont inalengeza kuti paundi yachoka pachikhomo. George Soros, amene anabwereka mapaundi ochuluka n'kuwagulitsa, akuti anapindula pafupifupi $1 biliyoni. Chochititsa mantha pa mtundu umenewu n'chakuti chikhulupiriro chimadzibala chokha. Anthu akakhulupirira kuti boma ligonja, kuteteza kumadula, ndipo kudula kumeneko n'komwe kumaligonjetsa. Akanapanda kukhulupirira, mwina chikhomo chikanakhala zaka zina.

Soros wa kuno ndi ndani?

Ili ndiye funso limene linandisowetsa tulo, ndipo yankho lake silinandikomere. Kuno malamulo salola munthu kubwereka kwacha mabiliyoni n'kukagula madola mmene wafunira. Dola kubanki umaipeza ndi mapepala, ndipo pamzere. Choncho anthu ambiri amaganiza kuti chiwembu chonga cha Britain sichingachitike m'Malawi. Chimachitika ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo ochita ake savala masuti a ku London.

Wogulitsa katundu kunja, amene amalipidwa m'madola, amauza kasitomala wake kuti asafulumire kulipira. Adikire mwezi, mwina iwiri. Woitanitsa katundu amachita zosiyana: amafuna kulipira lero katundu wa chaka chamawa, ndipo amapereka mafomu kumabanki atatu pa invoyisi zosiyanasiyana kuti kwina kukagwe kanthu. Mwana amene ali ku Joni amasiya kutumiza ndalama kudzera kubanki, amapatsira dalaivala wa basi kuti zikasinthidwe pamtengo wamseri. Mlimi wa soya kapena mtedza kumalire amagulitsa kwa wobwera ndi ndalama ya dziko loyandikana nalo. Wina amakweza mtengo pa invoyisi kuti madola otsalawo akamusungire kunja, komwe kuli kuphwanya lamulo koma kumachitika. Ndipo bambo wa ku Mchinji uja amagula matayala makumi awiri ndi anayi. Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene anakhalapo pamsonkhano wogwetsa kwacha. Koma zonsezi zikaphatikizana, madola olowa kubanki amauma, ofunidwa amachuluka, ndipo zotsatira zake n'zofanana ndi zomwe Soros anachita tsiku limodzi.

Kusiyana kwake kuli pa maonekedwe. Kumene ndalama zimayenda momasuka, chikhomo chimazuka ndi phokoso, nkhokwe n'kutha masiku ochepa. Kuno Banki Yaikulu ikaona nkhokwe ikutsika imangochepetsa kugulitsa. Mtengo pabolodi umakhalabe 167, nkhokwe pamapepala imaoneka ngati ikadalipo, koma vuto lasamukira pamzere. Ngongole yathu ya $150,000 inali gawo la dzenje limenelo. Mwa kuyankhula kwina, chikhomo chinali chitazuka kalekale tsiku lomwe banki inalephera kupereka dola kwa munthu wobwera ndi K167 ndi mapepala okwanira. Chilengezo cha pa 7 Meyi chinangolemba chikalata cha maliro omwe anachitika miyezi yambiri m'mbuyomo.

Maganizo anga, omwe ena pantchito amatsutsana nawo, ndi akuti mtengo wosasuntha uja sunkateteza osauka mmene ankanenera. Dola ya 167 inkapita kwa ochepa amene anali kutsogolo kwa mzere. Mayi wogula sopo ndi mafuta ophikira pa Area 25 ankalipira kale mtengo wowerengedwa pa dola yamseri. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo kunkalowa m'thumba mwa amene anapeza dola yotchipa. Ndipo wolipira anali mlimi wa fodya, amene dola yake inkasinthidwa pa 167. Komabe sindikunena kuti kugwetsa kwacha kunalibe ululu. Kwacha inapitirira kutsika mpaka cha m'ma K400 kumayambiriro kwa 2013, kukwera mitengo kwa zinthu kunapitirira 30 peresenti, ndipo Banki Yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 13 kufika 25 peresenti chisanathe chaka cha 2012. Ngongole yomwe tinatenga kuti titseke dzenje lathu tinaibweza pa mitengo imeneyo.

Pomwe ndinalakwitsa

Cholakwa chachikulu chinali kuika mtengo wa katundu poyang'ana dola ya pabolodi, m'malo mwa dola yomwe ndikanatha kuigwira m'manja tsiku lolipira. Pamenepo m'pomwe panabadwira zina zonse. Tinagulitsa mwachangu chinthu chosunga mtengo, tayala, n'kusinthanitsa ndi chinthu chosungunuka, kwacha, tikadali ndi ngongole ya m'madola. Tayala likanakhala m'shedi mpaka Meyi, mtengo wake ukanakwera limodzi ndi dola. Mwini kampani anandifunsa mu Febuluwale kuti, "Nanga ndalama zili kubankizi, zikungokhala?" Ndinayankha kuti, "Bwana, zimenezo n'za azungu aja, tisazikhudze." Ndinkaona ngati ndikusamala. Koma ngongole inali ya madola, osati ya kwacha, ndipo kusunga K25 miliyoni sikunali kusunga $150,000.

Anyamata osintha ndalama m'tauni anatipeza, monga amapezera aliyense. Tinakana, choyamba chifukwa n'kuphwanya malamulo a kasinthidwe ka ndalama, chachiwiri chifukwa madola a m'thumba alibe njira yolongosoka yolipirira invoyisi yomwe ili kale m'mabuku a banki ndi a kasitomu. Pa chimenechi sindinong'oneza bondo. Koma mtengo wawo ndinayenera kumaulemba tsiku ndi tsiku, osati kuti ndigule koma kuti ndidziwe. Mtengo wamseri si ndendende mtengo wobisika uja, chifukwa mumakhala ndalama ya chiopsezo chogwidwa ndiponso msika wake ndi waung'ono. Umakonda kupitirira. Mwaona kuti unayandikira 300 pomwe boma linakaima pa 250. Koma umaloza komwe mphepo ikupita, ndipo mpata ukakula kupitirira theka la mtengo wa boma, monga zinalili nthawi imeneyo, palibe chilengezo cha nduna chomwe chingautseke.

Chizindikiro china chomwe ndinachinyalanyaza ndi kutalika kwa mzere. Mu 2010 fomu yathu inkatenga masabata angapo. Pofika 2012 inkatenga miyezi, n'kumabwera zidutswazidutswa. Nambala imeneyi ndi yanga, ndimaiyeza ndekha, palibe angaikongoletse. Nambala ya nkhokwe yomwe imalengezedwa ndiyofunika, makamaka akaipereka monga miyezi ya katundu woitanitsa kunja, pomwe ambiri amati miyezi itatu ndiye poyambira. Koma nkhokwe imatha kuoneka yodzaza pomwe chimanga chake n'chobwereka kapena chinagulitsidwa kale. Thailand ndiye chitsanzo chake. Mu 1997 banki yawo yaikulu inkaonetsa nkhokwe yoposa $30 biliyoni poteteza mtengo wa pafupifupi 25 pa dola, koma inali italonjeza kale mwakachetechete kudzapereka zoposa $20 biliyoni m'miyezi yotsatira. Pa 2 Julayi inasiya kuteteza, ndipo moto unafalikira ku Indonesia, Malaysia ndi South Korea. Makampani ambiri a ku Thailand anafa imfa yonga yathu, yokulirapo chabe: ngongole m'madola, malonda m'ndalama ya kwawo.

Kuno palinso nyengo. Madola amabwera ndi fodya kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Kenako amauma nthawi yomweyo imene dziko likuitanitsa feteleza. Oda yathu inafika mu Novembala, masiku 90 ake n'kuthera mu Febuluwale, pakatikati pa chilala cha madola. Kalendala yokha ikanandichenjeza.

Sikuti chikhomo chilichonse chimazuka. Hong Kong inamangirira ndalama yake pa 7.80 ku dola ya America kuyambira 1983, ndipo inapirira chiwembu chachikulu mu 1997 ndi 1998. Chinsinsi chake n'chakuti ndalama yomwe amatulutsa imakhala ndi madola ake kumbuyo, ndipo amalola chiwongoladzanja kukwera mmene chingakwerere ndalama zikamathawa. Pafupi ndi ife, Lesotho, Eswatini ndi Namibia anamangirira ndalama zawo ku randi, imodzi kwa imodzi, koma mtengo wake ndi wakuti pa chiwongoladzanja amatsata kwambiri zomwe zagamulidwa ku Pretoria. Dziko silingakhale ndi zitatu zonse pamodzi: mtengo wosasuntha, ndalama zolowa ndi kutuluka momasuka, ndi ufulu wosindikiza kapena kuika chiwongoladzanja mmene lafunira. Ife tinafuna mtengo wosasuntha ndi ufulu wobwereka ku Banki Yaikulu, n'kuyesa kutseka chitseko kuti ndalama zisatuluke. Koma dziko lomwe limaitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala, lokhala ndi malire ataliatali ngati athu, chitseko chake n'cha bango.

Novembala 2023

Zinabweranso. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, koma mzere sunathe. Pofika pakati pa 2023 zizindikiro zonse zinali pabwalo: mafomu akutenga miyezi, mizere ya mafuta, mpata wa mtengo wamseri ukukula, ndipo boma likukambirana ndi IMF za pulogalamu yatsopano. Chomalizachi n'chofunika, chifukwa chimapereka tsiku. Aliyense ankadziwa kuti nkhani ya mtengo wa kwacha iyenera kukonzedwa bungwelo lisanavomereze. Usiku wa pa 8 Novembala kunatuluka chilengezo chakuti dola ichoka pa K1,180 kufika K1,700, kukwera kwa 44 peresenti. Patatha sabata imodzi IMF inavomereza pulogalamu ya pafupifupi $175 miliyoni.

Ulendo uno tinali titasintha kachitidwe. Kuyambira mu Juni sitinalandirenso katundu wa ngongole ya m'madola. Tinkaitanitsa zokhazo zomwe banki yatipatsiratu madola ake, ngakhale zinali zochepa. Mitengo tinkaiona sabata iliyonse, tikuwerengera ndalama yomwe tingafune kuti tibwezeretse tayala lomwelo m'shedi, osati yomwe tinaligulira. Makasitomala a ngongole tinawafupikitsira masiku kuchoka pa 60 kufika 14. Kwacha yotsala sitinkaisiya muakaunti: tinalipiriratu lendi ya chaka, tinagula katundu kwa anzathu a m'dziko momwemuno. Ndipo matayala akuluakulu a mathirakitala, omwe sawonongeka msanga, sitinkawakankha kwa ogula. Malonda anatsika kwambiri miyezi imeneyo, ndipo makasitomala ena akale anatikwiyira, kutinena kuti tikubisa katundu. Pa 9 Novembala ngongole yathu yakunja inali $12,000 yokha, ndipo kusinthaku kunatidyera pafupifupi K6.2 miliyoni, yomwe katundu wa m'shedi anaibweza mwezi usanathe.

Mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito anayang'ana mndandanda wa zomwe tinachitazi n'kundifunsa kuti, "Koma bambo, zimenezi sizomwe mumanena zija kuti zimagwetsa kwacha? Kufulumira kulipira kunja, kuthawa kwacha, kusunga katundu?" Ndinamuuza kuti ndi zomwezo, palibe kusiyana, ndipo palibe chimodzi mwa izo chophwanya lamulo. Anafunsanso ngati tidzachite chimodzimodzi ulendo wina. Ndinamupatsa kope lomwe ndimalembamo tsiku lopereka fomu kubanki ndi tsiku lomwe madola atuluka, n'kumuuza kuti kuyambira Lolemba azilemba ndi iyeyo.